Kuyeza Nthunzi: Mmene Lamulo la Mpweya Limathandizira Kupeza Kulemera kwa Mankhwala Osadziwika

Sipiriti akadonthera pachikhatho amaziziritsa khungu, kenaka n'kusowa kansalu kopukutira kasanapezeke. Petulo wotsala m'chigubu chosatseka amachepa yekha popanda womuba, ndipo mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo amachita chimodzimodzi. Zamadzimadzi za mtundu umenewu zimatchedwa zouluka msanga. Zimasanduka nthunzi mosavuta, ndipo zimawira pa kutentha kochepera kumene madzi amawirira.

Ambiri mwa mankhwalawa alibe mtundu, ndipo akathiridwa m'mabotolo ofanana sasiyanitsika ndi maso. Kapepala ka dzina kakafufutika kapena kakadyedwa ndi mphemvu m'kabati ya labotale, fungo silikwanira kuwauza dzina, ndipo kulawa n'koletsedwa. Chimene chimathandiza kuchepetsa mayina okayikitsa ndicho kulemera kwa molo imodzi ya mankhwalawo. Molo ndi mulingo wowerengera tinthu tating'onoting'ono totchedwa mamolekyulu, monga mmene dazeni imawerengera mazira khumi ndi awiri, koma molo imodzi ili ndi mamolekyulu 6.022 × 10²³. Molo ya madzi imalemera magalamu 18, ya methanolo 32, ya ethanolo 46 ndipo ya asetoni 58. Mamolekyulu sangawerengedwe limodzilimodzi ngati nyemba palichero, komabe mankhwalawo akasandutsidwa nthunzi chiwerengero chake chimapezeka pogwiritsa ntchito fulasiki, sikelo, themometa ndi madzi owira.

Chifukwa chimene nthunzi imawerengekera

M'zamadzimadzi mamolekyulu amakhala othithikana, choncho malo amene amatenga amadalira kukula ndi maonekedwe a molekyulu iliyonse. Mu mpweya amakhala patalipatali, ndipo gawo lalikulu la botolo limakhala lopanda kanthu. Kukula kwa molekyulu kumasiya kukhala kofunika, chimene chimatsala ndi kuchuluka kwake. Amedeo Avogadro wa ku Italy ananena zimenezi mu 1811: mabotolo awiri ofanana kukula, pa kutentha kofanana ndi puresha yofanana, amakhala ndi mamolekyulu ofanana kuchuluka, kaya mpweya wake ndi wa mtundu wanji. Robert Boyle anali atasonyeza kale mu 1662 kuti mpweya ukapanikizidwa malo ake amachepa, ndipo Joseph Gay-Lussac anasindikiza mu 1802 mmene mpweya umafufumira ukatenthedwa. Émile Clapeyron anaphatikiza zonsezi mu 1834 kukhala lamulo limodzi, lomwe lero limalembedwa motere:

PV = nRT

P ndi puresha, kapena mphamvu imene mpweya umakankhira makoma a chimene ulimo. V ndi voliyumu, kukula kwa malo amene mpweyawo wadzaza. T ndi kutentha, n ndi kuchuluka kwa mamolo, ndipo R ndi nambala yosasintha, 8.314, ngati puresha yayezedwa m'makilopasikali ndi voliyumu m'malita. Kutentha kumalowa m'lamuloli pa mulingo wa kelivini, umene umayambira pa kuzizira kotheratu, ndipo umapezeka powonjezera 273.15 pa madigiri a pa themometa wamba.

Lamuloli limatchedwa la mpweya wangwiro chifukwa limaganizira mpweya umene mamolekyulu ake sakokana ndipo alibe kukula. Mpweya wotero kulibe, koma mpweya weniweni umayandikira kwambiri khalidweli ukakhala wotentha ndiponso wosapanikizika. Tsono P, V ndi T zikadziwika, n imatuluka m'masamu. Nthunziyo ikayezedwanso pasikelo n'kupezeka kuti imalemera magalamu m, kulemera kwa molo imodzi kumakhala m kugawa ndi n:

M = mRT / PV

Jean-Baptiste Dumas wa ku France anakonza njira yoyezera kulemera kwa nthunzi mu 1826, ndipo njira imene masukulu amagwiritsa ntchito lero imadziwika ndi dzina lake. Iye ankagwiritsa ntchito chibulunga cha galasi cha khosi lalitali lopyapyala, limene ankalitseka polisungunula pamoto nthunzi ikadzaza. M'sukulu, m'malo mwake mumakhala fulasiki ndi kachidutswa ka foyilo ya aluminiyamu.

Kachitidwe kake

Fulasiki imatsukidwa n'kuumitsidwa mkati ndi kunja. Pakamwa pake pamavindikiridwa ndi foyilo yopinidwa bwino m'mphepete, ndipo pakati pa foyiloyo pamabooledwa kabowo kamodzi ndi nsonga ya singano. Zonse pamodzi zimayezedwa pasikelo yowerenga mpaka gawo limodzi mwa magawo chikwi a galamu. Kenaka mumathiridwa mamililita atatu kapena anayi a mankhwala osadziwikawo, foyilo n'kubwezeredwapo, ndipo fulasiki imamizidwa mpaka m'khosi m'madzi owira, itagwiridwa ndi chopanira kuti isayandame.

Mankhwala othiridwawo sayezedwa, chifukwa kuchuluka kwake sikulowa m'masamu. Chofunika n'chakuti akhale ambiri kuposa amene fulasiki ingasunge ngati nthunzi. Mamililita atatu a ethanolo amapanga nthunzi yoposa lita imodzi ndi theka, yokwana kudzaza fulasiki ya kota ya lita kasanu ndi kamodzi. Nthunzi yochulukayo imakankha mpweya umene unali mkati n'kutuluka nawo pa kabowo, ndipo yotsalayo imadzaza fulasiki yokha. Kabowoko kamachitanso ntchito ina yaikulu. Chifukwa chakuti n'kotsegula, nthunzi imatuluka mpaka puresha ya mkati ifanane ndi ya m'chipindamo, choncho P ya m'lamulo imangokhala puresha ya mpweya wa pamalopo tsikulo.

Dontho lomaliza likasowa pansi pa fulasiki, pamadikiridwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti nthunzi ifike pa kutentha kwa madzi owirawo, ndipo themometa imawerengedwa ili m'madzi, osakhudza pansi pa chiwiya. Fulasiki imatulutsidwa, imasiyidwa kuti izizire, n'kupukutidwa mosamala. Pozizira, nthunzi imabwerera kukhala timadontho tochepa pansi, ndipo mpweya wa kunja umalowa pa kabowo kudzatenga malo ake. Fulasiki imayezedwanso. Kusiyana kwa miyezo iwiriyi ndiko kulemera kwa nthunzi imene inadzaza fulasiki pamene inali m'madzi owira. Pomaliza fulasiki imadzazidwa ndi madzi mpaka pakamwa kuti voliyumu yake yeniyeni idziwike.

Nthunzi ya mankhwala oterewa imayaka, ndipo imalemera kuposa mpweya, choncho imayenderera pansi kulowera kumene kuli moto. Lawi la ethanolo silioneka bwino masana. Chitofu cha magetsi chopanda lawi ndicho choyenera, mawindo akhale otsegula, ndipo botolo la mankhwala likhale lotseka, kutali ndi pamene pakuwira madzi.

Puresha ya pa chigwa cha Phalombe

Mabuku ambiri amalemba kuti madzi amawira pa madigiri 100 ndiponso kuti puresha ya mpweya ndi makilopasikali 101.3. Zimenezi n'zoona m'mphepete mwa nyanja yamchere, monga ku Beira kapena ku Quelimane, koma Phalombe ali pamtunda. Nyanja ya Chilwa, yomwe ili kumunsi kwa bomali, ili pa mamita opitirira 600, ndipo mbali yaikulu ya chigwa, kuphatikiza Migowi ndi pa boma pomwe, ili pamwamba pa nyanjayo, mozungulira mamita 700. Pamalo otere mpweya wa pamwamba pa munthu umakhala wocheperapo, ndipo puresha imakhala pafupi ndi makilopasikali 93. Madzi amawira pa madigiri 97 ndi theka kapena pafupi pamenepo. Kukwera kwa mamita pafupifupi 300 kulikonse kumatsitsa kuwira kwa madzi ndi digiri imodzi, moti pa nsonga ya Sapitwa m'phiri la Mulanje, pa mamita 3,002, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 ndipo nandolo wouma amachedwa kupsa ngakhale mphika ukubwata.

Kusiyana kwa madigiri awiri ndi theka sikusintha yankho kwambiri, chifukwa pa mulingo wa kelivini 371 ndi 373 n'zoyandikana. Kusiyana kwa puresha ndiko kumapweteka: 93 ndi 101.3 zimasiyana ndi magawo asanu ndi atatu pa zana, ndipo cholakwika chonsecho chimalowa mu yankho. Pali msampha winanso. Puresha imene imalengezedwa pa zanyengo kapena kuoneka pa foni nthawi zambiri imakhala itasinthidwa kale kuti ifanane ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, pofuna kuti madera okwera ndi otsika ayerekezedwe pa mapu amodzi. Nambala ya 1013 kapena 1015 hPa ikaoneka pa Phalombe, imeneyo si puresha ya m'chipinda. Yofunika ndi ya pa barometa ya pamalopo yosasinthidwa.

Barometa ikasowa, madzi owirawo amatha kugwira ntchito yake. Madzi oyera amawira pamene puresha ya nthunzi yake yafanana ndi ya mpweya wa kunja, ndipo matebulo a nthunzi ya madzi amasonyeza kuti pa madigiri 97 pureshayo ndi pafupifupi makilopasikali 91, pa madigiri 98 ndi 94 ndi pang'ono. Apaulendo akale, kuphatikiza David Livingstone amene anafika ku Chilwa mu 1859, ankayerekeza kukwera kwa malo pophika madzi ndi kuwerenga themometa. Njirayi imafuna themometa yabwino, chifukwa kulakwa kwa digiri imodzi kumabweretsa kulakwa kwa makilopasikali atatu ndi theka.

Chitsanzo chowerengedwa

Tiyerekeze botolo lopanda dzina m'labotale ya sukulu ina pa chigwachi, ndipo wophunzira walemba miyezo yake motere. Fulasiki youma ndi foyilo yake yalemera magalamu 104.215, ndipo itachoka m'madzi owira n'kuzizira yalemera 104.567. Kusiyana kwake ndi magalamu 0.352. Madzi anawira pa madigiri 97.6, amene ndi makelivini 370.8, ndipo barometa inasonyeza makilopasikali 93.0. Madzi odzaza fulasiki mpaka pakamwa analemera magalamu 267.2. Pa madigiri 25 mililita imodzi ya madzi imalemera magalamu 0.997, choncho voliyumu ya fulasiki ndi mamililita 268, kapena malita 0.268, ngakhale pa galasi palembedwa 250. Mzere wa 250 umakhala m'munsi mwa khosi, pamene nthunzi imadzaza mpaka pa foyilo.

Mamolo a nthunzi amapezeka choyamba:

n = (93.0 × 0.268) / (8.314 × 370.8) = 0.008085

Kenaka kulemera kwa molo imodzi:

M = 0.352 / 0.008085 = 43.5

Yankho la 43.5 lili kutali ndi methanolo wa 32 ndi asetoni wa 58, ndipo layandikira ethanolo wa 46.07, koma latsika ndi magalamu awiri ndi theka. Ophunzira ambiri amalemba kuti manja analakwitsa, n'kutseka kope. Kutsikako kuli ndi chifukwa chodziwika, ndipo kumachitika ngakhale kwa munthu wosamala kwambiri.

Pa muyezo woyamba, fulasiki yotchedwa yopanda kanthu inali yodzaza ndi mpweya, ndipo mpweya umalemera. Lamulo lomweli limasonyeza kuti malita 0.268 a mpweya pa madigiri 25 ndi makilopasikali 93 amalemera magalamu 0.29, pafupifupi ngati nthunzi yomwe ikufunidwayo. Njira yonse imadalira kuti mpweya wolemera chimodzimodzi ukhale m'fulasiki pa muyezo wachiwiri, kuti pochotsera ufafanizike. Koma pozizira si nthunzi yonse imene imabwerera kukhala madontho. Ina imatsala ili nthunzi pamwamba pa madonthowo, ndipo imatenga malo amene mpweya ukanalowamo. Mankhwalawo sanatayike, onse ali m'fulasiki ndipo sikelo ikuwamva, koma mpweya wolowa ndi wochepa kuposa umene unalimo poyamba, choncho kusiyana kwa miyezo kumaoneka kochepa.

Mpweya wosowawo umawerengeka. Pa madigiri 25 nthunzi ya ethanolo imakhala ndi puresha ya makilopasikali 7.9, kutanthauza kuti pa 93 ya m'fulasiki, 7.9 ndi ya ethanolo ndipo yotsalayo ndi ya mpweya. Molo ya mpweya imalemera magalamu 28.96, ndipo masamu amapereka:

(7.9 × 0.268) / (8.314 × 298.2) × 28.96 = 0.025

Magalamu 0.025 amenewa akawonjezedwa pa 0.352, nthunzi imakhala magalamu 0.377, ndipo M imakwera kufika 46.6. Tsopano yankho lapitirira 46.07 ndi theka la galamu, ndipo kupitirira kotereku n'koyembekezeka, monga zidzaonekera m'munsimu.

Kukonza kumeneku kumakula mankhwala akakhala ouluka kwambiri, ndipo pamenepa ndi pamene njirayi imatha kunamiza munthu kotheratu. Asetoni amawira pa madigiri 56 okha, ndipo nthunzi yake pa madigiri 25 ili ndi puresha yoposa pang'ono makilopasikali 30. M'fulasiki yomweyi nthunzi ya asetoni ikanalemera magalamu 0.470, koma mpweya wosowa ukanakhala 0.096, moti sikelo ikanasonyeza 0.374 okha. Kugawa 0.374 ndi 0.008085 kumapereka 46.3. Motero asetoni woyezedwa popanda kukonza amavala nkhope ya ethanolo, ndipo wophunzira amasangalala kuti wapeza nambala yokongola yogwirizana ndi buku. Ethanolo weniweni amaonetsa 43 kapena 44 asanakonzedwe. N'chifukwa chake yankho limayesedwa pa dzina lililonse lokayikitsa palokha, powerenga chimene sikelo ikanasonyeza mankhwalawo akanakhala amenewo, ndipo kutentha kowirira kumaonedwanso. Asetoni amayamba kubwata fulasiki ikangolowa m'madzi otentha, pamene ethanolo amadikira mpaka madigiri 76 pa puresha ya Phalombe, kapena 78 m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kuziziritsa fulasiki m'madzi ozizira musanayeze kumachepetsa vutoli, koma galasi lozizira limachita thukuta kunja, ndipo liyenera kubwerera pa kutentha kwa chipinda lisanaikidwe pasikelo. Chibulunga chotsekedwa cha Dumas chinalibe vuto limeneli, chifukwa mpweya sunkabwereramo, ndipo kulemera kwa mpweya wa poyamba kunkawerengedwa padera.

Miyezo yomweyi ikusonyeza mtengo wa kukopera manambala m'buku. Kuika 101.3 ndi madigiri 100 m'malo mwa zoyezedwa kumatsitsa yankho lokonzedwa kuchoka pa 46.6 kufika pa 43.1. Kukhulupirira 250 wa pa galasi kumalikweza kufika pa 50.0. Zolakwika ziwirizi zikachitika pamodzi zimatsala pang'ono kufafanizana, ndipo yankho looneka labwino limatuluka mwangozi. Kuiwala kusintha madigiri kukhala makelivini kumapereka 12, nambala imene palibe mankhwala amadzimadzi angakhale nayo, choncho cholakwika chimenechi n'chosavuta kugwira.

Zolakwika za m'manja

Nthunzi yonse imalemera gawo limodzi mwa magawo atatu a galamu, pamene dontho limodzi la madzi limalemera pafupifupi magalamu 0.05. Dontho limodzi lobisala m'mapindo a foyilo, kumene nthunzi ya madzi owira imakonda kukhazikika, limakweza yankho la 46 kufika 52. Ichi ndi cholakwika chofala kwambiri, ndipo chizindikiro chake n'chakuti kulemera kumatsika pang'onopang'ono fulasiki ikasiyidwa pasikelo pamene dontholo likuuma. Yankho limakweranso fulasiki ikatulutsidwa mankhwala asanathe kuwira, kapena khosi likakhala pamwamba pa madzi moti nthunzi imazizira n'kupanga timadontho m'khosimo, chifukwa madontho amenewo amayezedwa ngati kuti anali nthunzi. Mankhwala okhala ndi utoto kapena mafuta osauluka, monga sipiriti wa m'sitolo wa mtundu wa pepo, amasiya zotsalira pansi, ndipo zimenezo zimalemera.

Zotsitsa yankho ndi kabowo kakakulu, kusiya fulasiki nthawi yaitali m'madzi mankhwala atatha, zimene zimalola nthunzi kutuluka ndi mpweya kulowa, ndiponso kuthira mankhwala ochepa moti mpweya wa poyamba sunatuluke wonse. Kuyeza fulasiki ikadali yofunda kumatsitsanso, popeza mpweya wofunda wa mkati ndi wopepuka. Sikelo yowerenga mpaka 0.01 yokha imabweretsa kukayikitsa kwa magawo atatu pa zana kapena kuposa, ndipo ngati ndiyo yokha ilipo, fulasiki yaikulu imathandiza. Kuyesa kumabwerezedwa katatu. Mayankho akayandikana koma onse n'kukhala okwera kapena otsika, vuto limakhala m'njira kapena m'manambala okopedwa, ndipo akamwazikana limakhala m'manja.

Pamene lamulo limalephera

Nthunzi imene ili pafupi ndi kutentha kowirira si mpweya wangwiro. Mamolekyulu ake amakokana, ndipo amakwana ambiri m'fulasiki kuposa mmene lamulo likunenera, choncho yankho limapitirira loona ndi gawo limodzi, awiri kapena atatu pa zana. Ndiko kumene theka la galamu la m'chitsanzo lachokera. Pachifukwa chimenechi madzi owira ayenera kukhala otentha kuposa powirira mankhwalawo ndi madigiri 15 kapena 20, ndipo mankhwala owira pamwamba pa madigiri 80 ndi pang'ono amafuna mafuta otenthedwa m'malo mwa madzi. Ena amachita zoposa kukokana. Mamolekyulu a asidi wa mu viniga amagwirana awiriawiri mu nthunzi, moti pafupi ndi powirira pake yankho limapitirira kwambiri 60 woyembekezeka. Dumas mwini anakumana ndi zotere pamene nthunzi ya sulufule inalemera katatu kuposa mmene ankayembekezera, ndipo zimenezi zinamuchititsa kukayikira maganizo a Avogadro. Stanislao Cannizzaro ndiye anafotokoza bwino mu 1858 kusiyana kwa atomu ndi molekyulu, ndipo kufotokozako kunamveka pa msonkhano wa akatswiri ku Karlsruhe mu 1860. Kuchokera pamenepo kuyeza nthunzi kunakhala njira yodalirika yopezera kulemera kwa mamolekyulu.

Njirayi imafunanso mankhwala a mtundu umodzi osasakaniza. Kachasu ndi chitsanzo chapafupi. Pomutcheza, mphika wa madeya ndi shuga zowola umatenthedwa, nthunzi n'kudutsa m'paipi yoziziritsidwa ndi madzi. Woyamba kudontha amakhala waukali chifukwa ethanolo amauluka msanga kuposa madzi, ndipo wotsatira amanka nachepa mphamvu. Zomwezi zimachitika m'fulasiki: nthunzi yoyamba, yochuluka ethanolo, imatuluka pa kabowo, ndipo m'fulasiki mumatsala chosakaniza chochuluka madzi, amene sangathe kuwira m'madzi owira anzake. Nambala yotulukapo siimira ethanolo, siimira madzi, ndipo siimiranso kachasu wa poyamba. Ngakhale ethanolo wa m'mafakitale monga a ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amapangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, sangapitirire magawo 96 pa zana mwa kutcheza kokha, ndipo wothira mu petulo amachotsedwa madzi otsalawo mwa njira ina. Ethanolo wa 96 amauluka pamodzi ndi madzi ake, ndipo amapereka kulemera kwa pakati, pafupifupi 43, m'malo mwa 46.

Pa chifukwa chomwechi fulasiki ndi foyilo sizingauze munthu ngati chakumwa chili ndi methanolo, amene amachititsa khungu ndi kupha. Gawo limodzi pa zana la methanolo mu ethanolo limasintha yankho ndi 0.2 yokha, pamene njirayi imakayikitsa ndi 1 kapena 2 ngakhale m'manja abwino. Kufufuza kotero kumafuna makina a kuromatogirafe, amene amalekanitsa zosakanizazo n'kuyeza chilichonse pachokha.

Ngakhale mankhwala akhale oyera, kulemera kwa molo sikutchula dzina palokha. Asetoni ndi puropanali onse amalemera 58.08 chifukwa ali ndi maatomu ofanana omangidwa mosiyana, ndipo mitundu iwiri ya puropanolo imalemera 60.10. Njirayi imagwira bwino ntchito ikaphatikizidwa ndi chidziwitso china, makamaka kuchuluka kwa maatomu kopezeka potentha mankhwalawo ndi kuyeza zotulukapo. Kuyeza kotero kukasonyeza atomu imodzi ya kaboni pa maatomu awiri aliwonse a haidurojeni, kagulu ka CH₂ kamalemera 14.03, ndipo molekyulu yonse iyenera kukhala ndi timagulu tathunthu. Nthunzi ikapereka 86 kapena 82, nambala yathunthu yoyandikira ndi 6, popeza 5 ikanapereka 70 ndipo 7 ikanapereka 98. Fomula imakhala C₆H₁₂ ndipo kulemera kwenikweni, 84.16, kumawerengedwa kuchokera m'tebulo la maatomu. Kusankha pakati pa saikulohekiseni ndi mankhwala ena a fomula yomweyo kumatsalira kutentha kowirira, kulemera kwa mililita imodzi, ndi mmene mankhwalawo amachitira akakumana ndi madzi a buromini.